Febian ndi Mbale ya Apongozi

Mlamu wanga Febian Daka anali munthu woti nguluwe yolasidwa ikamthamangila, iye ankaima nji, mkondo m'manja, kuidikila ifike. Ndinaziona ndi maso angawa m'munda mwa amai, ife akazi titakwela pa chulu tikukuwa. Koma munthu yemweyo ankathawa mbale. Ee, mbale yodyela, yachitsulo, yoyela, yokhala ndi mlomo wabuluu. Musaseke msanga, chifukwa mbale imeneyo inatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa mng'ono wanga ndi kusandutsa amai anga mfiti.

Febian anali Mchewa wa ku Katete. Kwathu kwa Nyalugwe anafika m'zaka za Chitaganya, ali m'gulu la anthu okonza msewu waukulu wopita ku Lusaka. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, manja ngati makasu. Anaona mng'ono wanga Keziah pamsika wa ku Nyimba akugulitsa nthochi, ndipo akuti anagula nthochi zonse, chonsecho iye nthochi sankazikonda. Anazigawila anzake a pamsewu. Chaka chisanathe anasiya ntchito ya msewu, nabwela kwathu kudzakhala chikamwini.

Mudzi wonse unamukonda. Anagwetsa mitengo imene amuna akwathu ankangoizungulila, anamangila amai nkhokwe yatsopano, ndipo Chinsenga chathu ankachiphwanya moseketsa kotelo kuti ine ndinkamufunsa dala mafunso kuti ndimve akulakwitsa. Mlamu ndi wosewela naye, ndiye ndinalibe naye chisoni.

Koma panali amai. Amai athu, amene mudzi wonse unkawaitana kuti amake Rhoda potengela dzina langa, anali amasiye, aatali, osaseka wamba. Mtima wao unali wabwino zedi, nkhope ndiyo inkaoneka ngati ya munthu woweluza mlandu. Ndipo mwambo mukuudziwa. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya iwo akuona, ndipo akakumana panjila amapatuka n'kugwada m'udzu mpaka iwo adutse. Akafuna kulankhulana, mau amadzela mwa munthu wina. Amai akafuna kulemekeza mkamwini wao ankaphika okha, n'kuika m'mbale ya mlomo wabuluu ija, imene malemu atate anabwela nayo kuchokela ku Halale, n'kunditumiza ine. Mbale imeneyo ngakhale abusa sanadyelemo.

Miyezi yoyamba Febian ankaipukuta mbaleyo mpaka kuwala.

Zinthu zinasokonekela dzinja loyamba. Mvula itagwa, madzi a pachitsime anada, ndipo theka la mudzi linayamba kutsegula m'mimba. Febian zinamugwila kwambili. Tsono masiku amenewo akapaso a mfumu ankayendela midzi kuona ngati banja lililonse lakumba chimbudzi, ndipo ife tinali ndi chimodzi chokha, kuseli kwa nyumba ya amai. Kanjila kopita kumeneko kankadutsa pakhonde pao penipeni.

Tsiku lina masana zinam'thina. Anatuluka m'nyumba akuthamanga, ndipo atangokhota pakhonde, awa, amai akutuluka ndi lichelo. Munthu wina akanangodutsa. Koma Febian, ndi ulemu wake uja, anapatuka nagwada m'mbali mwa njila kudikila apongozi adutse. Amai nawo, ndi ulemu waonso, anaima kudikila kuti iye adutse. Mayo ine! Mimba sidziwa mwambo. Zimene zinachitika pamenepo sindinena, mwamva kale. Amai anatembenuka nalowa m'nyumba ngati sanaone kanthu, ndipo sanauze munthu aliyense. Ine ndinadziwa chifukwa ndinali pamtondo.

Matenda a chitsime aja anatha. Aliyense anachila, Febian nayenso anabwelela kumunda. Amai, pomumvela chisoni, anapha nkhuku kuti mkamwini wao abwezele mphamvu, naika m'mbale ija. Ndinaitula pamaso pake. Anaiyang'ana, thukuta linatuluka pamphuno, ananyema kawili katatu, kenaka ndinamva m'mimba mwake mukulila ngati achule a m'dambo. Anapinda msana, manja pamchombo.

"Alamu, nchiyani?" ndinafunsa.

"Mukupota," anatelo, mano ali gwa. "Kodi amai ali pakhonde?"

Amai anali pakhonde. Febian anazungulila kuseli kwa khola la mbuzi nathawila kuthengo.

Kuyambila pamenepo inakhala nyimbo. Kumunda ankadya chilichonse, mphonda, mbeba, mango osapsa, osamva kanthu. Ankagona tulo mpaka kucha. Koma mbale ya mlomo wabuluu ikangotulukila, m'mimba munkayamba kupotokola, ndipo pasanapite nthawi ankathamanga, chimbudzi chake chamadzimadzi. Amai atamva kuti mkamwini sakupeza bwino, anaonjezela kuphika. Mukuona tsoka lake? Iwo akuchita chikondi, iye akufa nacho.

Potsiliza anayamba kubweza mbale osakhudza. Ine ndinakwiya. Ndinamuuza kuti, "Alamu, mukudziwa chimene mukuchita? Kwathu kuno munthu akabweza chakudya, ndiye kuti akunena kuti mwaikamo kanthu."

"Sindikunena choncho," anatelo. "Koma ndikadya ndimadwala. Nditani?"

Iye sanali kunena choncho, koma mudzi unanena m'malo mwake. Pachitsime akazi ankangoti zii ndikafika. Ena ankanong'ona kuti amake Rhoda akufuna kumufooketsa mkamwini kuti asadzatenge mwana wao kupita naye kwao. Poyela palibe ankatchula liu loti mfiti, chifukwa boma linkamanga munthu wonena mnzake ufiti. Koma manong'onong'o samangidwa. Tsiku lina amai anakazinga nsawa, ndipo monga mwa nthawi zonse ana a pamudzi anabwela atatambasula manja. Virginia, mkazi wa pafupi nafe, amene amai anamuchilitsa pobeleka, anathamanga nakoka mwana wake padzanja, nsawa n'kumwazika pansi. Amai anatola nsawazo imodziimodzi. Sanalile pamaso pathu, koma kuyambila tsikulo anapachika mbale ija kudenga, ndipo anasiya kupita kuchitsime nthawi imene kuli anthu. Mtima unandiwawa kwambili, ndipo mpaka lelo ndikakumbukila umandiwawa.

Nkhani inafika ku Katete. Amalume ake a Febian, bambo Amon, anatuma mau kuti akubwela nyengo yokumba nsawa kudzatenga mphwao asanafe. Akanam'tenga, ukwati ukanatha, ndipo dzina la amai likanatsala lakuda mpaka kumanda.

Keziah ndi munthu wofatsa, si ngati ine. Koma m'mawa wina anangoti, "ADaka, tiyeni ku Nyimba akakuoneni." Febian anakana, ine ndinamukalipila, ndipo tinapita tonse atatu, iye akukankha njinga.

Pakachipatala ka ku Nyimba panali adilesa, kapena kuti othandiza adokotala, dzina lao bambo Josiah, munthu wadazi, wachimwemwe, amene anali msilikali wothandiza odwala pa nkhondo ya ku Bama. Anatenga chimbudzi cha Febian pakamtengo, nachiyang'ana pa makina ao oonela tizilombo, kenaka anayamba mafunso.

"Magazi mumaonamo?"

"Iyai."

"Thupi limatentha? Mwaonda?"

Ine ndinayankha ndine. "Kuonda kuti, bambo? Onani khosi lakelo."

"Nanga m'mimbamo mumakudzutsani muli mtulo?"

"Iyai. Ndimagona bwino."

"Ndiye mumayamba liti?"

Febian anayang'ana pansi. Keziah ndiye anafotokoza zonse, za mbale, za khonde, mpaka za tsiku lija la lichelo. Bambo Josiah sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha chimenecho.

"Njoka mulibe, kamwazi mulibe," anatelo. "Koma ululu wanuwo ndi weniweni, simukunama. Mvelani. Mutu ndi matumbo zimalankhulana, pali mitsempha yolumikiza. Munthu akachita mantha kapena nkhawa, matumbo amafinya mwamphamvu, ndiko kupota mukumvako. Ndipo amakankha chakudya mofulumila, thupi lisanamwe madzi ake, ndiye chimatuluka chamadzi. Inuyo matenda a dzinja aja anasiya matumbo anu osachedwa kupsa mtima. Tsono mukaona mbale mumakumbuka apongozi, mukakumbuka apongozi mumaopa kuti m'mimba muyamba, ndipo mantha omwewo ndi amene amayambitsa. Chikayamba, mantha amakula. Zimangozungulila choncho."

Febian anaimilila. "Mantha? Ine?"

"Khalani pansi, bambo. Ku Bama ndinaona amuna onyamula mfuti zazikulu akuima pamzele wa kuchimbudzi m'mawa wa nkhondo. Ine ndinali kutsogolo kwa mzelewo. Nguluwe mumaiona ikubwela, mumailasa, zatha. Apongozi simungawalase."

Anamuuza kuti azimwa madzi ambili akatsegula, achepetse tiyi wakuda uja ankamukonda, azidya pang'onopang'ono, ndipo m'mimba mukayamba kupota azipuma mpweya wautali mofatsa mpaka mutaleka. Anatinso akumbe chimbudzi chakechake mbali ina, kuti asamaope njila. Ndipo anati akadzaona magazi, kutentha thupi kapena kuonda, abwelenso msanga, chifukwa pamenepo ndiye kuti ndi matenda ena.

Pobwelela Febian anakankha njinga patsogolo pathu njila yonse. Liu loti mantha linam'baya. Titayandikila mudzi anangoti, "Adilesa aja sadziwa za kumudzi." Ndinafuna kum'menya ndi pampu ya njinga.

Bambo Amon anafika nsawa zitakhwima. Anali munthu wamfupi, wa jekete lalikulu, wonunkhila fodya, ndipo m'thumba anali ndi kanyanga kodzitetezela kamene ankakagwilagwila akamadutsa pakhonde pa amai. Tinawauza za adilesa. Anaseka.

"Galasi la mzungu lingaone mankhwala achikuda? Mwana uyu wadyetsedwa. Kuyambila lelo, ine ndi iye tidya chophika mkazi wake basi. Ndikapumula, tinyamuka."

Ine magazi anawila. Ndinali nditatsegula kale pakamwa pamene Keziah ananditsina pantchafu. Titatuluka anandikokela kuseli kwa nkhokwe, maso ake akuwala ngati a mwana woba uchi.

"Achemwali, kodi chimene chimadwalitsa aDaka ndi chakudya kapena mbale?"

"Adilesa anati mantha."

"Ndiye tisinthanitse."

Ndinamuyang'ana, kenaka ndinamva. Ha! Ndinaomba m'manja mpaka nkhuku zinabalalika. Mwana wofatsa uja!

M'mawa mwake amuna awili aja anapita kumunda kukakumba nsawa. Ine ndinapita kwa amai ndi tambala wanga. Ndinati, "Amai, ndiphikileni uyu motendela, monga mumachitila." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupilila anadziwa kuti pali kanthu, koma sanafunse. Anangoti, "Adzadya ndani chophika ine?" Ndinati, "Phikani chabe." Anaphika. Fungo lake linafika mpaka kumsewu. Ndinanyamula mphikawo pansi pa chitenje, ndinakaupeleka kwa Keziah, iye anakhuthulila m'mbale zake zadothi, naika mumtanga, ulendo wa kumunda. Ine ndinatsatila ndi chipanda cha thobwa, chifukwa zotelezi sungamve kwa wina.

Anadya! Abale, anadya! Bambo Amon anaswa mafupa, nanyambita zala mpaka m'chigongono. Febian anapempha msuzi wotsala. Ine ndinakhala pamthunzi, maso ali pamimba ya mlamu wanga ngati mphaka pa una wa mbewa. Dzuwa linapendeka. Palibe. Munthu anagwila khasu nakumba mizele ina yambili akuimba nyimbo za pamsewu.

"Waona?" anatelo bambo Amon kwa mphwao. "Chakudya cha dzanja loyela. Mkazi uyu yekha ndi wabwino, tikadatha tikadapita naye."

Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke.

Tsiku lotsatila Febian analawila yekha kumunda, amalume ake atatsala akudandaula msana. Apa Keziah anachita chinthu chimene sindinkayembekezela kwa iye. Anagwada patali, mwaulemu wonse, nati, "Bambo, ndikupempha mukhale pano muone m'mene ndikuphikila."

Bambo Amon anadabwa, koma anakhala pampando. Keziah anapha nkhuku yake iwo akuona. Madzi anatunga iwo akuona, mchele anawalawitsa, nsinjilo anasinja pamaso pao. Zitapsa anawapatsa chiwindi, iwo anadya navomeleza. Pamenepo ine ndinatulukila ndi mbale ya mlomo wabuluu, imene ndinaitsitsa kudenga kwa amai.

Bambo Amon analumpha. "Chotsani chimenecho!"

"Tsukani nokha, bambo," ndinatelo. "Nali phulusa, nawu mchenga, nawa madzi otentha. Mukafuna muipakenso kanyanga kanuko."

Anandiyang'ana moipa, koma anali munthu wokonda kutsimikiza zinthu, ndipo anaitsuka ndithu, mpaka kuinunkhiza. Keziah anaikamo nkhuku ija, navundikila.

"Aphwanu akabwela, musanene kanthu," ndinatelo. "Mungowauza kuti adye."

Febian anafika dzuwa lili pamutu, khasu paphewa, akuimba mluzu. Analowa pabwalo, anaona mbale pamphasa, ndipo mluzu unaduka pakati. Nkhope inasintha. Anayang'ana amalume ake, anayang'ana kukhonde kwa amai, kumene iwo anakhala akusenda nsawa atatipatsa msana.

"Idya," anatelo bambo Amon.

"Amalume, paja munati..."

"Ndati idya."

Anasamba m'manja. Anatenga kanthuli kamodzi. Sindikudziwa ngati kanafika n'komwe m'mimba. Thukuta linayamba, kenaka achule aja, gululu, gululu, ndipo munthu wamkulu uja anapindika pakati. Anadzuka, anazungulila khola la mbuzi, fumbi lokhalokha.

Bambo Amon anatsala kukamwa kuli yasa. Anayang'ana mbale, anayang'ana manja ao amene anaitsuka, anagwila pamimba pao m'mene munali chiwindi cha nkhuku yomweyo.

Febian atabwela, wofooka, maso ali pansi, anati, "Mwaona, amalume. Chakudya cha amai chimandichita chonchi."

"Cha amai chiti?" ndinakuwa ine. Sindikanathanso kudzigwila. "Waphika ndi mkazi wanu uyu, amalume anu akuona! Mbale atsuka okha ndi phulusa! Bambo Amon, ndikunama?"

"Sakunama," anatelo iwo ndi mau aang'ono.

"Ndipo nkhuku ya mailo, ya dzulo kumunda ija, munaswa mafupa ija, ya dzanja loyela ija, mukudziwa anaphika ndani? Amai! Amake Rhoda, awo akhala apowo! Munadya nonse awili, ndipo alamu munakumba nsawa mpaka madzulo mukuimba!"

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, chifukwa mau anga safuna belu. Virginia anali pomwepo ndi mtsuko pamutu.

Tsono mvelani izi. Bambo Amon atamva kuti mailo anadya chophika amai, nkhope yao inachita phulusa. Dzanja linapita m'thumba kukagwila kanyanga. Kenaka tonse tinamva, gululu. Sanali Febian. Mkulu uja anayang'ana uku ndi uku, jekete likumulemela, ndipo anafunsa monong'ona, "Kodi kanjila kaja n'kati?"

Chaona mnzako chapita! Ndinawalozela. Anadutsa pakhonde pa amai ali paliwilo, osapatuka, osagwada, osapeleka moni. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ine ndinagona pansi, nthiti zikuwawa. Chakudya chimene chinakhala mwa iwo mwamtendele tsiku lathunthu chinawatembenukila atangomva dzina la wophika.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Febian anaima pakati pa bwalo akuyang'ana msana wa amai. Ndinaona kuti zamulowa, osati za mimba yake zokha, koma za nsawa zija zinamwazika, za chitsime, za mbale yopachikidwa kudenga. Anatola mbale ija, anakhuthulila nkhuku ya Keziah mumphika, anaitsuka, ndipo anayamba kuyenda kulunjika kukhonde kwa apongozi ake.

Phwete linatha. Keziah anandigwila dzanja.

Anagwada pafupi, pafupi kuposa m'mene mkamwini amayenela kufikila, naika mbale pansi. Sanatume munthu. Analankhula yekha, m'Chinsenga chake chophwanyika chija, ndipo tsiku limenelo sindinachiseke.

"Amai, ndakulakwilani. Chakudya chanu chilibe kanthu. Ndine ndimachita mantha ndi inu, chifukwa cha manyazi a tsiku lija. Anthu amve. Ndine wamantha, ine Febian. Ngati kwatsala kanthu mumphika mwanu, ndipatseni ndidye pano."

Amai sanatembenuke. Anapitiliza kusenda nsawa mpaka ndinayamba kuopa. Kenaka anadzuka, analowa m'nyumba, natuluka ndi nkhwani wotendela ndi mbatata zimene anadziphikila okha. Anaika m'mbale ija ndi dzanja lao, anaikankhila kwa iye, nakhalanso pansi atapatsa msana.

Anayamba kudya, mudzi wonse ukuona. Musaganize kuti m'mimba munamumvela chisoni chifukwa choti wadziwa choona. Iyai. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi, ndinaona dzanja lamanzele likufinya pamchombo. Anasiya kutafuna, anatseka maso, anakoka mpweya wautali monga anamuuzila bambo Josiah amene iye anati sadziwa za kumudzi, anautulutsa pang'onopang'ono. Anadikila. Ananyemanso. Ine ndinkapuma naye limodzi osadziwa. Kupota kuja kunkabwela n'kubwelela, kubwela n'kubwelela, ndipo iye anadya mpaka mbale inayela.

Pamenepo amai analankhula, koyamba chikwatile mwana wao kulankhula naye mwachindunji.

"Mwananga, tsiku lija ine ndinaona munthu wodwala amene anandigwadila. Sindinaone china. Ngati mukufuna kupita kuseliko, pitani. Ine ndikuyang'ana kuphili."

Febian anaomba m'manja mwaulemu, anadzuka, napita. Anapita akuyenda, osathamanga, ndipo anadzela pakanjila ka pakhonde, osati kukhola la mbuzi. Pakhomo pa chimbudzi anachita kudikila amalume ake atuluke.

Bambo Amon anakhala nafe sabata ina, ndipo asanapite anapepesa amai ndi mbuzi. Anathandizanso mphwao kukumba chimbudzi chatsopano kuseli kwa nyumba ya Keziah, chakuya kuposa zonse m'mudzi, moti kapaso atabwela anaitana anthu kuti adzaonele.

Mimba ya Febian sinasanduke ya munthu wina. Moyo wake wonse inkamuuza nkhawa zake iye asanazidziwe. Keziah ali pafupi kubeleka mwana woyamba, amene ankathamanga anali bambo wa mwana. Atapatsidwa munda waukulu ku Ndake, ndipo amai atavomela kuti atenge mkazi wake chitengwa, m'mawa wonyamuka ngolo inadikila iye. Tsiku limene anakapikisana kulima ndi ng'ombe pachionetselo cha zaulimi ku Petauke, anayamba wafunsa kumene kuli chimbudzi, kenaka n'kufunsa kumene kuli munda. Koma sizinamugonekenso pansi, ndipo sanabwezenso chakudya cha munthu. Ankangoti, "Wayamba mnzanga uja," n'kupuma mpweya wake, nthawi zambili n'kuleka pakanthawi. Ine ndinkamufunsa pamaso pa alendo kuti, "Alamu, lelo achule ali bwanji?" Iye ankati, "Akupelekani moni."

Koma chimene ndimakumbukila kwambili ndi madzulo a tsiku la mbale lija, dzuwa lisanalowe. Anthu anali atabalalika, aliyense akukafotokozela mnzake za bambo Amon. Amai anasonkha moto panja, naika phale, nayamba kukazinga nsawa zatsopano zimene mkamwini wao anakumba. Sanaitane munthu. Ana anaima patali, akuyang'ana kwa amai ao. Kenaka ndinaona Virginia akubwela atagwila mwana wake padzanja, dzanja lomwe lija anamukoka nalo. Anafika pakhonde nagwada. Anangotambasula kadzanja ka mwanayo.

Amai anauzila nsawa kuti zizizile, nadzaza kadzanjako mpaka zina kugwa.